Indekisi mu detabesi: mafunso ndi mayankho okonzekera intavyu ya bakendi

Pa intavyu ya ntchito ya bakendi funso la indekisi silisowa. Ambiri theka loyamba amaliyankha bwino: indekisi imafulumizitsa kuwerenga. Koma wofunsa akangoti, "Nanga bwanji osangoika indekisi pa kolamu iliyonse?", munthu amayankha kuti "imachedwetsa kulemba", n'kukhala duu. Yankholo ndi loona, koma wofunsayo akufuna kumva chimene chimachitika mkati mwa detabesi mzere umodzi ukamalembedwa. Tsamba lino lakhazikika pamenepo.

Zitsanzo zanga ndi za PostgreSQL, ndipo pamene MySQL imachita mosiyana ndidzanena. Tiyenda ndi tebulo limodzi mpaka kumapeto, ndipo tiyerekeze kuti lili ndi mizere 50 miliyoni:

```sql
CREATE TABLE orders (
  id          bigint PRIMARY KEY,
  customer_id bigint NOT NULL,
  reference   uuid UNIQUE,
  status      text,
  created_at  timestamptz,
  updated_at  timestamptz
);
CREATE INDEX ON orders (customer_id);
CREATE INDEX ON orders (created_at);
```

Werengani bwino: maindekisi pano ndi anayi, osati awiri. `PRIMARY KEY` ndi `UNIQUE` zimadzipangira indekisi yakeyake popanda kukufunsani.

Kodi indekisi ndi chiyani kwenikweni?

Ndi kope lachiwiri la zina mwa zimene zili mu tebulo, losanjidwa mwadongosolo, ndipo pambali pa chinthu chilichonse pali adiresi ya mzere wake. Mawu oti muwagwire ndi akuti kope. Indekisi si njira yanzeru chabe yofufuzira. Ndi deta yeniyeni, imadya malo pa disiki, ndipo iyenera kugwirizana ndi tebulo nthawi zonse.

Mu PostgreSQL mizere ya tebulo imakhala mosasanjidwa, paliponse pamene papezeka malo. Detabesi siwerenga mzere umodziumodzi kuchokera pa disiki, imawerenga masamba, ndipo tsamba lililonse ndi makilobayiti 8. Tebulo lathuli lingadzaze masamba oposa theka la miliyoni. Mukafuna maoda a kasitomala mmodzi popanda indekisi, masamba onsewo ayenera kutsegulidwa, chifukwa palibe chosonyeza pamene maodawo ali. Indekisi ya pa `customer_id` imasunga manambala a makasitomala motsatana, ndiye detabesi imangolunjika pamalopo, n'kutenga maadiresi, n'kukatsegula masamba ochepa okha a tebulo.

Imafika bwanji pamalopo mofulumira chonchi?

Mukalemba `CREATE INDEX` osatchula mtundu, mumapeza `btree`. Kamangidwe kameneka anakayambitsa ndi Rudolf Bayer ndi Edward McCreight cha m'ma 1970, ndipo mpaka lero ndiko msana wa madetabesi ambiri. Ndi mtengo wozondoka: muzu uli pamwamba, nthambi pakati, masamba pansi. M'Chichewa zatiyendera bwino, chifukwa tsamba la mtengowu ndi tsamba lomwelo la makilobayiti 8. Masamba a pansi ndi amene ali ndi makiyi onse ndi maadiresi awo. A pamwamba amangolozera njira: kiyi yochepera apa pitani uku, yoposa apa pitani uko.

Masamu ake ndi oyenera kuwadziwa pamtima, chifukwa ofunsa ena amakupatsani cholembera. Kiyi ya `bigint` pamodzi ndi adiresi yake ndi zina zazing'ono imadya mabayiti pafupifupi 20. Tsamba limodzi lingatenge makiyi pafupifupi 400, koma pomanga indekisi PostgreSQL imalidzaza mpaka 90 peresenti, ndiye tinene 370. Mizere 50 miliyoni ikufuna masamba a pansi pafupifupi 135,000, kuposa pang'ono gigabayiti imodzi. Pamwamba pawo pakufunika masamba mazana ochepa owalozera, pamwamba pa amenewo awiri kapena atatu, kenako muzu. Masitepe anayi basi. Ndipo masitepe a pamwambawo, poti aliyense amadutsa pomwepo, sachoka mu memori.

Mtengowu ndi waufupi komanso wotambalala kwambiri. N'chifukwa chake tebulo likakula kakhumi, kufufuza sikuchedwa kakhumi. Mwina kumangowonjezera sitepe imodzi.

Ndiye `INSERT` imodzi imalemba chiyani?

Choyamba mzere umaikidwa pa tsamba la tebulo limene lili ndi malo. Kenako, pa indekisi iliyonse mwa inayi ija, detabesi imatsika kuchokera ku muzu, imapeza tsamba la pansi pamene kiyi yatsopanoyo ikuyenera kukhala, n'kuilowetsa pakati pa zinzake. Pa `id` ndi `reference` imayambanso yaona ngati kiyi yofanana nayo ilipo kale. Lamulo limodzi, masamba asanu asinthidwa.

Ndipo chilichonse mwa zosinthazi chimalembedwanso mu WAL, kaundula amene detabesi imalembamo kusintha kulikonse isanakhudze mafayilo enieni, kuti magetsi akazima idzathe kukonza zinthu. Ngati muli ndi maseva ena amene amasunga makope a detabesi, WAL yomweyo ndi imene imatumizidwa kwa iwo. Indekisi yowonjezera imalemetsa seva yaikulu, netiweki, ndi makope onse.

Pali chinthu china chimene anthu amasokoneza, ndipo mukachinena bwino wofunsa amadziwa kuti mwazigwirapo. `COMMIT` sidikira kuti masamba asanu aja alembedwe pa disiki. Masambawo amasinthidwa mu memori, ndipo amadzalembedwa nthawi ina. Chimene `COMMIT` imadikira ndi WAL yokha. Koma tsamba silingasinthidwe lisanabwere mu memori. Ngati mulibe, lamulo lanu lolemba liyenera kuima n'kudikira kuti tsambalo liwerengedwe kuchokera pa disiki. Nthawi zambiri kuchedwa kwa kulemba kumakhala kuwerenga kobisika kumeneku.

Kodi maindekisi onse amalemetsa mofanana?

Ayi, ndipo kusiyana kwake ndi kwakukulu kuposa mmene ambiri amaganizira.

Taonani `id`, imene imaperekedwa motsatana, ndi `created_at`. Kiyi iliyonse yatsopano ndi yaikulu kuposa ya m'mbuyo mwake, ndiye nthawi zonse imagwera pa tsamba lomaliza la kumanja. Tsamba limenelo langokhudzidwa kumene, lili mu memori. Likadzaza, latsopano limatsegulidwa pambali pake, lakalelo n'kusiyidwa lodzaza bwino. Indekisi yotere, ngakhale itakula bwanji, gawo lake limene likugwira ntchito pa nthawi iliyonse ndi masamba owerengeka.

Tsopano `reference`. Ngati mukupanga UUID ya mtundu wachinayi, manambala ake ndi a mwachisawawa. Kiyi yatsopano ingagwere pa tsamba lililonse, ndipo yotsatira ikagwera kwina kutali. Ikapeza tsamba lodzaza, tsambalo limagawidwa pakati: detabesi imatenga tsamba latsopano, imasamutsira kumeneko pafupifupi theka la makiyi, imakonza zolozera pakati pa masamba oyandikana, n'kukawonjezera kiyi pa tsamba la pamwamba. La pamwambalo likakhala lodzazanso, nalonso limagawidwa, ndipo nthawi zina zimakwera mpaka ku muzu. Mtengo umene umakula mwa njira imeneyi masamba ake amakhala odzaza pafupifupi magawo awiri okha mwa atatu. UUID ndi mabayiti 16, kuwirikiza kawiri `bigint`, ndiye pa tsamba pamakhala makiyi mwina 200. Indekisi ya `reference` ingafike masamba 250,000, pafupifupi magigabayiti awiri, ndipo onsewo ndi ofunika nthawi imodzi, chifukwa simudziwa limene likhudzidwe kenako.

Indekisi yotere ikamakwanira mu memori, palibe amene amadandaula. Tsiku limene yaposa memori, `INSERT` iliyonse imayamba kudikira disiki. N'chifukwa chake vutoli silionekera poyesa ndi tebulo laling'ono. Limadza patapita miyezi, popanda wina kusintha kodi iliyonse.

Palinso mtolo wachiwiri. Nthawi ndi nthawi PostgreSQL imachita `checkpoint`, kutanthauza kulemba pa disiki masamba onse amene asinthidwa mu memori, ndipo ngati simunasinthe makonzedwe imachita zimenezi pasanathe mphindi zisanu zilizonse. Tsamba likasinthidwa koyamba `checkpoint` itangodutsa, lonse limakoperedwa mu WAL, osati kachidutswa kosinthidwako kokha. Cholinga chake n'kuteteza tsamba limene lingalembedwe theka magetsi n'kuzima. Tiyerekeze kuti mukulandira mizere 1,000 pa sekondi. Pa mphindi zisanu ndi mizere 300,000. Pa indekisi ya `id`, mizere imeneyi imangodzaza masamba pafupifupi 800 otsatana. Pa `reference`, imamwazikana n'kukhudza masamba oposa theka la 250,000 aja, ndipo lililonse limakoperedwa mu WAL. Imeneyo ndi pafupifupi gigabayiti imodzi ya WAL yochokera pa indekisi imodzi. WAL ikachuluka kufika pa malire ake otchedwa `max_wal_size`, `checkpoint` imabwera msanga, ndipo kukopera masamba kumayambiranso.

Mankhwala ake ndi kiyi yoyenda motsatana ndi nthawi. UUID ya mtundu wachisanu ndi chiwiri, imene inakhazikitsidwa mu RFC 9562 mu 2024, imayamba ndi nthawi, ndiye makiyi atsopano amagwera moyandikana. PostgreSQL 18 ili ndi `uuidv7()` yopangira zimenezi. Koma `customer_id` simungaichitire zotere: makasitomala amagula nthawi imene afuna, ndipo indekisi yawo idzalembedwa apa ndi apo basi. Mtengo umenewo mumalipira mukudziwa, chifukwa popanda indekisiyo simungaonetse kasitomala maoda ake.

`UPDATE` imangokhudza indekisi ya kolamu imene yasintha, si choncho?

Mu PostgreSQL si choncho, ndipo ili ndi funso limene ndimaona kuti n'lofunika kuposa onse pa tsamba lino.

PostgreSQL silemba pamwamba pa mzere wakale. Imalemba mzere watsopano wathunthu pamalo ena, wakale n'kuuika chizindikiro chakuti watha, chifukwa mwina pali wina amene anayamba kuwerenga kale ndipo akuyenera kuona zakalezo. Mzere watsopano uli ndi adiresi yatsopano. Ndipo kumbukirani kuti maindekisi onse amasunga maadiresi. Ndiye mukasintha `status` yokha, indekisi ya `customer_id` ikufunika cholozera chatsopano, ngakhale kasitomala ndi yemweyo. Ya `reference`, ya `created_at`, ya `id`, chimodzimodzi.

Kuti apeputse zimenezi, mu 2008 PostgreSQL 8.3 inabweretsa njira yotchedwa HOT. Ngati zinthu ziwiri zakwaniritsidwa, maindekisi sakhudzidwa n'komwe. Choyamba, pa makolamu amene asintha pasakhale ina iliyonse imene ili mu indekisi. Chachiwiri, pa tsamba lomwelo pamene pali mzere wakale pakhale malo oika watsopano. Zikatero, mzere wakale umalozera watsopano mkati mwa tsambalo. Indekisi imakufikitsani pa adiresi yakale, inu n'kutsatira unyolo waufupiwo mpaka pa mzere wamoyo.

Mu tebulo lathu, lamulo limene limachitika kawirikawiri ndi ili:

```sql
UPDATE orders
SET status = 'paid', updated_at = now()
WHERE id = 42;
```

`status` ndi `updated_at` zilibe indekisi, ndiye malo akapezeka, tsamba limodzi lokha ndi limene limasinthidwa.

Izi ndinaziona ndi maso pamalo ena pamene ndinkagwira ntchito. Panafunika lipoti la usiku loonetsa mizere imene yasintha tsikulo, ndipo lipotilo linkachedwa. Tinawonjezera mzere umodzi:

```sql
CREATE INDEX ON orders (updated_at);
```

Lipoti linayamba kuthamanga, aliyense anasangalala. Patangopita masiku ochepa, makope a detabesi anayamba kutsalira m'mbuyo nthawi ya masana, ndipo malamulo a `UPDATE` amene kale sankaoneka n'komwe pa mndandanda wa ochedwa anakwera pamwamba. Tinafufuza kodi ya pulogalamu, osapeza kanthu. Kenako tinatsegula ziwerengero za tebulolo, ndipo ndimakumbukirabe manambala awiri ali moyandikana pa sikirini: `n_tup_upd`, imene imawerenga mizere yonse yosinthidwa ndi `UPDATE`, ikukwera nthawi iliyonse tikabwereza lamulo, `n_tup_hot_upd`, imene imawerenga yokhayo yodutsa njira ya HOT, itangoima chilili, osasuntha ngakhale ndi imodzi.

Chifukwa chake n'chosavuta mukachiona. `updated_at` imasintha pa `UPDATE` iliyonse. Itangolowa mu indekisi, palibenso `UPDATE` imene ikanadutsa njira ya HOT. Sitinangowonjezera ntchito ya indekisi imodzi yatsopano, tinadzutsa inayi ina imene inkagona. Mu tebulo lathuli, kuchoka pa tsamba limodzi kufika pa asanu ndi limodzi kapena kuposa, ndipo awiri mwa iwo ndi a maindekisi omwazikana aja. Malipiro a indekisi yachisanu sanali gawo limodzi mwa asanu. Mukatha kufotokoza zimenezi pa intavyu, mwasonyeza kuti mtengo wa indekisi sudalira chiwerengero chokha, umadaliranso kuti ili pa kolamu iti.

Za chofunika chachiwiri chija, malo pa tsamba: tebulo limadzazidwa mpaka 100 peresenti ngati simunanene china. Pa tebulo limene mizere yake imasinthidwasinthidwa, mungasiye mpata:

```sql
ALTER TABLE orders SET (fillfactor = 85);
```

Izi zimagwira pa masamba amene adzadzazidwe kutsogolo. Akale amakhala mmene alili mpaka tebulo litalembedwanso.

Nanga lipoti lija mukanalithandiza bwanji popanda kuwononga kulemba?

Njira zilipo, ndipo iliyonse ili ndi mtengo wake. Lipoti la kamodzi pa usiku lingathe kungowerenga tebulo lonse nthawi imene anthu agona, kapena kuthamangira pa kope la detabesi. Mphindi zingapo kamodzi pa tsiku n'zotsika mtengo kuposa kulipira pa `UPDATE` iliyonse usana wonse. Njira ina ndi kulemba zosintha mu tebulo lina laling'ono limene mumangowonjezeramo mizere, lokhala ndi indekisi yake ya nthawi yoyenda motsatana. Ifeyo tinasankha yachiwiriyi n'kuchotsa indekisi ija.

Ofunsa ena amayembekezera kuti mutchule indekisi ya gawo chabe la mizere, ndipo ndi chida chabwino:

```sql
CREATE INDEX ON orders (created_at)
WHERE status = 'pending';
```

Indekisi iyi imasunga maoda osamalizidwa okha, ndiye ndi yaing'ono kwambiri. Koma samalani: kolamu imene ili mu `WHERE` wa indekisi nayo imawerengedwa ngati ili mu indekisi. Kusintha `status` sikudzakhalanso HOT. Mwapindula pa kukula, koma pa vuto lathu lija simunathawe.

`DELETE` bwanji?

Pa nthawi yofufutayo maindekisi sakhudzidwa. Mzere umangoikidwa chizindikiro. Ngongole imalipidwa pambuyo pake: `VACUUM` ikabwera kudzasesa mizere yakufa, iyenera kudutsa mu indekisi iliyonse kuchotsa zolozera zake isanamasule malo. Maindekisi akachuluka, kusesa kumatenga nthawi yaitali, ndipo kukatsalira m'mbuyo tebulo ndi maindekisi zimatupa.

Kodi MySQL nayo imachita chimodzimodzi?

Pa `INSERT` nkhani ndi yofanana: indekisi iliyonse iyenera kulandira kiyi. Pa `UPDATE` InnoDB, injini imene MySQL imagwiritsa ntchito, imayenda njira ina.

Mu InnoDB tebulo lenilenilo ndi mtengo wosanjidwa potsatira `PRIMARY KEY`, ndipo mizere yathunthu imakhala pa masamba a pansi, amene ndi makilobayiti 16. Maindekisi enawo sasunga adiresi ya pa disiki, amasunga `PRIMARY KEY` ya mzerewo. `UPDATE` imasintha mzere pamalo pomwepo, zakale n'kuzisunga padera. Poti `PRIMARY KEY` sinasinthe, maindekisi a makolamu osasintha sakhudzidwa. Vuto la `updated_at` lija kuno likanangokhala la indekisi imodzi.

Koma malipiro ali kwina. Kufufuza kudzera mu indekisi ina kumatsika mitengo iwiri: woyamba kupeza `PRIMARY KEY`, wachiwiri kupeza mzere. `PRIMARY KEY` ikakhala yaitali, indekisi ina iliyonse imanenepa nayo, chifukwa imakoperedwa mu onse. Ndipo ikakhala UUID ya mwachisawawa, chimene chikugawikagawika si indekisi chabe koma tebulo lenilenilo, ndi mizere yake yonse. Wofunsa akakupatsani funso la `UPDATE` osatchula detabesi, n'kwanzeru kufunsa kuti, "Pepani, tikukamba za PostgreSQL kapena MySQL? Chifukwa pamenepa zimasiyana." Funso limenelo lokha limanena zambiri za inu.

Kodi pali nthawi imene indekisi imafulumizitsa kulemba?

Ilipo, ndipo osaiwala kuitchula. `UPDATE` ndi `DELETE` ziyenera kupeza mzere zisanausinthe. Ngati kolamu ya mu `WHERE` ilibe indekisi, kusintha mzere umodzi kumafuna kuwerenga tebulo lonse. Mu InnoDB n'zoopsa kwambiri: pa makonzedwe ake a nthawi zonse, `REPEATABLE READ`, lamulo limatseka mizere yonse imene ladutsamo pofufuza, ndiye popanda indekisi olemba ena onse amaima pamzere kudikira.

Chitsanzo china ndi `FOREIGN KEY`. Tinene kuti `orders.customer_id` ikulozera tebulo la `customers`. Mukafufuta kasitomala, detabesi iyenera kuona ngati ali ndi maoda. InnoDB imaonetsetsa yokha kuti pa kolamu yolozerayo pali indekisi. PostgreSQL siipanga. Mukaiwala, kufufuta kasitomala mmodzi kumawerenga mizere 50 miliyoni, ndipo kufufuta makasitomala 1,000 kumabwereza zimenezo ka 1,000.

Ndingadziwe bwanji kuti maindekisi ndi amene akuchedwetsa kulemba?

Osaganizira, yezani. Malo oyamba ndi manambala awiri aja:

```sql
SELECT n_tup_upd, n_tup_hot_upd
FROM pg_stat_user_tables
WHERE relname = 'orders';
```

Manambalawa amawerenga kuyambira kalekale, ndiye atengeni kawiri, mphindi zingapo zikudutsa pakati, muone kuti awonjezeka bwanji. Ngati woyamba akuthamanga wachiwiri ali phee, funsani kuti ndi kolamu iti ya mu indekisi imene ikusintha, kapena ngati masamba ali odzaza.

Kenako yesani lamulo lenilenilo. Kuyambira PostgreSQL 13, `EXPLAIN` ingakuuzeni WAL imene lamulo lapanga:

```sql
BEGIN;
EXPLAIN (ANALYZE, BUFFERS, WAL)
UPDATE orders SET status = 'paid', updated_at = now()
WHERE id = 42;
ROLLBACK;
```

`BEGIN` ndi `ROLLBACK` zilipo chifukwa `ANALYZE` imachitadi lamulolo, sikuti imangoyerekeza. Pa zotsatira yang'anani `records`, `fpi` ndi `bytes`. `fpi` ndi masamba athunthu amene akoperedwa mu WAL. Pamzere wa `Buffers`, `hit` ndi masamba amene anapezeka mu memori ya detabesi, `read` ndi amene anachita kukatengedwa kunja kwake. Yesani pa kope loyeserera, indekisi ilipo komanso itachotsedwa, ndipo kusiyana kudzaoneka poyera.

Chomaliza, funani maindekisi amene akulipiridwa koma palibe akuwagwiritsa ntchito:

```sql
SELECT indexrelname, idx_scan
FROM pg_stat_user_indexes
WHERE relname = 'orders';
```

`idx_scan`, chiwerengero cha maulendo amene indekisi yagwiritsidwa ntchito pofufuza, ikakhala 0, musathamangire kuchotsa. Mwina ziwerengero zinayambitsidwanso posachedwa, ndipo lipoti la kumapeto kwa mwezi silinathamange. Seva iliyonse imawerenga zakezake, ndiye indekisi imene ili ziii pa seva yaikulu ingakhale yotanganidwa pa kope lowerengera. Ndipo indekisi ya `UNIQUE` imagwira ntchito yoletsa zobwereza ngakhale wina asaifufuze. MySQL 8.0 ili ndi njira yabwino yoyesera: `ALTER TABLE orders ALTER INDEX idx_name INVISIBLE` imabisa indekisi kuti malamulo asaigwiritse ntchito, koma imapitiriza kuisamalira, ndiye zikavuta mumangoibweza.

Yang'ananinso maindekisi obwerezana. Ngati muli ndi ya `(customer_id, created_at)`, ya `(customer_id)` yokha nthawi zambiri ndi katundu wongolemetsa, chifukwa yoyambayo yasanjidwa kale poyamba ndi kasitomala. Koma singalowe bwino m'malo mwa ya `(created_at)` yokha, poti masiku ake amwazikana pansi pa kasitomala aliyense.

Polowetsa mizere mamiliyoni nthawi imodzi, ndichotse kaye maindekisi?

Ngati tebulo ndi latsopano kapena palibe akuligwiritsa ntchito, inde. Lowetsani ndi `COPY`, kenako mangani maindekisi. Kumanga kamodzi kumasanja makiyi onse n'kulemba masamba motsatana, popanda kugawa tsamba lililonse. Kulowetsa kiyi imodziimodzi kumafuna kutsika kuchokera ku muzu mpaka pansi mamiliyoni a maulendo. Pa tebulo limene anthu akuliwerenga musatero, chifukwa malamulo awo onse adzayamba kuwerenga tebulo lonse, ndipo mukachotsa `UNIQUE` zobwereza zingalowe.

Nanga kumanga indekisi pa tebulo limene likugwira ntchito kuli ndi vuto?

Lilipo, ndipo apa kulemba sikungochedwa, kumaimiratu. Mu PostgreSQL, `CREATE INDEX` wamba amalola owerenga koma amatsekereza `INSERT`, `UPDATE` ndi `DELETE` pa tebulolo mpaka atamaliza. Pa mizere 50 miliyoni zimenezo zingatenge mphindi zingapo, oda aliyense watsopano akudikira, mpaka njira zolumikizira ku detabesi zitadzaza. Njira yoyenera ndi iyi:

```sql
CREATE INDEX CONCURRENTLY ON orders (customer_id, created_at);
```

Iyi imalola olemba kupitiriza. Imachedwa chifukwa imawerenga tebulo kawiri, ndiponso imadikira kuti mathiranzakishoni akale athe, ndiye thiranzakishoni imodzi imene wina waisiya yotsegula ingaiimitse nthawi yaitali. Singathamange mkati mwa `BEGIN`, ndipo poti zida zambiri zosinthira matebulo zimakutira chilichonse mu thiranzakishoni, muyenera kuuza chida chanu kuti pa sitepe iyi chisatero.

Ikalephera pakati, mwachitsanzo mwaiimitsa, kapena indekisi ya `UNIQUE` yapeza zobwereza, siidzichotsa yokha. Imasiya indekisi imene `\d orders` imaonetsa ndi chizindikiro cha `INVALID`. Palibe lamulo lowerenga limene lingaigwiritse ntchito, komabe olemba angapitirize kuilipira pa mzere uliwonse. Mukaiona, ichotseni ndi `DROP INDEX CONCURRENTLY`, konzani chimene chinalepheretsa, n'kuyambiranso.